Ngongole ya pachibale: lembani tsiku lobweza, lembaninso zochita likadutsa

Mvula ikayandikira, mafoni a abale okhala ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhalenso ku Joni sapuma kulira. Oimba ndi achinyamata a kumudzi, ndipo kwa ife a kuno ku Chimbiya m'boma la Dedza nkhani yake imakhala imodzimodzi: mbewu ya mbatatesi, feteleza, mankhwala opopera ndi ndalama ya aganyu. "Amalume, mundithandizeko, ndidzabweza ndikakumba." Amalume aja amatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mnyamata n'kuthokoza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mawu oti "ndikakumba" ndi amene ndikufuna tiwaunike lero. Kukumba si tsiku. Munthu atha kukumba mu Malichi, kugulitsa mu Epulo, ndalama n'kuthera ku fizi ya ana, iye n'kumanenabe ndi mtima woyera kuti sanakane ngongole. Naye wobwereketsa amakhala akuwerenga masiku akeake m'mutu. Pofika Juni awiriwa sakuyankhulana, ndipo aliyense akuona kuti wolakwa ndi mnzake.

Maganizo anga ndi awa: ngongole ya pachibale izilembedwa papepala ndalama isanatuluke, ndipo mzere wofunika kwambiri papepalapo ndi wonena zimene zidzachitike tsiku lobweza likadzadutsa ndalama isanaoneke. Kuchuluka kwa ndalama anthu sakanganirana kwenikweni, poti uthenga wa pafoni umakhalapo. Chimene chimaswa mabanja ndi kuchedwa, chifukwa palibe amene anakambapo za kuchedwa pomwe onse anali akusekerana.

Ndikudziwa chimene ambiri munganene. Kutulutsa pepala ndi cholembera pamaso pa amalume kapena achemwali kukuoneka ngati kuwauza kuti simukuwakhulupirira. Chibale n'fupa, sichiwola, eti? Koma taonani zimene abale omwewa amachita ku banki m'khonde. Mayi ndi mwana wake amakhala gulu limodzi, amalembetsa m'buku ndalama iliyonse imene atenga, amadziwa tsiku lobweza, ndipo akachedwa amalipira chindapusa popanda kukwiya. Palibe amene amati mlembi wa gulu wamunyoza pomulemba dzina. Kumeneko anthu sadana chifukwa malamulo anaikidwa aliyense asanalakwe. Pepala la pachibale ntchito yake ndi yomweyo basi.

Palinso chifukwa china chimene achinyamata ambiri sachidziwa. Malamulo athu okhudza mapangano anachokera kwambiri ku Mangalande, ndipo kumeneko mabwalo a milandu anakhazikitsa kalekale mfundo yoti malonjezo a m'banja sayamba atengedwa ngati pangano loti munthu n'kusumira mnzake. Mlandu wotchuka ndi wa banja la a Balfour m'chaka cha 1919. Bamboyo, yemwe ankagwira ntchito ku dziko lomwe lero ndi Sri Lanka, analonjeza pakamwa kuti azitumizira mkazi wake mapaundi 30 pamwezi, kenako anasiya. Bwalo la apilo linagamula kuti limenelo linali lonjezo la m'nyumba chabe, losati n'kulikakamiza ndi lamulo. Tanthauzo lake kwa ife ndi loti m'bale akaima pabwalo n'kunena kuti "amalume anangondithandiza, sinali ngongole", amalumewo ndi amene ayenera kuonetsa umboni woti panali pangano lenileni. Uthenga wa Mpamba umaonetsa kuti ndalama inapita, koma sunena ngati inali mphatso kapena ngongole. Pepala losainidwa ndi limene limanena.

Tiyeni tiyerekeze nkhani imodzi, tiyende nayo mpaka kumapeto. Mnyamata wa ku Chimbiya akufuna K600 000 yolimira mbatatesi ya mvula. Amalume ake a ku Lilongwe avomera kumubwereka popanda chiwongoladzanja, ndipo ndalama ituluka pa 20 Novembala.

Choyamba kukambirana ndi masiku. Anthu apantchito amakonda kunena kuti "uzibweza K100 000 mwezi ukatha", chifukwa iwo amaganiza ndi malipiro a pamwezi. Kwa mlimi pangano lotere ndi lofa lisanabadwe. Mbatatesi imatenga miyezi itatu kapena inayi m'munda. Akadzala pakati pa Disembala, kukumba ndi kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene ndalama imangotuluka: kupalira, kubandira, kupopera mankhwala a chiwawu, kuphatikizapo njala ya panyumba. Kumuikira tsiku lobweza mu Januwale ndi kumukankhira kwa akatapila kuti asangalatse amalume.

Komanso si nzeru kuika ndalama yonse pa tsiku limodzi nthawi yokumba. Aliyense wodutsa pamsika wa Chimbiya mumsewu wa M1 amadziwa kuti alimi akakumba nthawi imodzi matumba amadzaza m'mbali mwa msewu, ndipo mtengo amaulamula ndi mavenda. Mlimi amene ali ndi ngongole yoti ithe mawa amagulitsa pa mtengo uliwonse umene wamva. Ndiye ndalamayi igawidwe patatu: K200 000 pa 15 Epulo, K200 000 pa 15 Meyi, ndipo yomaliza pa 30 Seputembala, nthawi imene za kudimba zimakhala zayamba kulowa. Tsiku lililonse likhale ndi deti, mwezi ndi chaka, ndipo liikidwe sabata ziwiri kapena zitatu kupitirira nthawi imene mlimi akuyembekezera kugulitsa.

Pepala lake silifuna loya kapena Chingerezi. Tsamba limodzi la m'kope likukwana, ndipo lingalembedwe motere:

Ine (dzina lonse, mudzi, mfumu yaikulu, nambala ya chitupa cha unzika) ndabwereka K600 000, yomwe ndi mazana asanu ndi limodzi a masauzande a kwacha, kwa amalume anga (dzina lonse ndi nambala ya chitupa) lero pa 20 Novembala, chaka chakuti. Ndalamayi ndi ngongole, si mphatso, ndipo tonse tagwirizana kuti pepala lino lingagwiritsidwe ntchito pabwalo la milandu. Palibe chiwongoladzanja.

Ndidzabweza K200 000 pa 15 Epulo, K200 000 pa 15 Meyi ndi K200 000 pa 30 Seputembala, chaka chakuti, kudzera pa nambala ya foni yakuti. Ndalama yotumizira ndidzalipira ndine.

Ndikaona kuti sindikwanitsa, ndidzanena kudakali masiku 7 tsiku lobweza lisanafike. Tsikulo likadutsa ndili ndi masiku 14 owonjezera opanda chindapusa. Akatha masiku 14, ndidzawonjezera K5 000 kamodzi kokha pa gawo lochedwalo. Gawo likachedwa masiku 60, tidzakhala pansi ndi mboni zathu, ndipo mbuzi ziwiri zazikazi zomwe ndaika chikole tidzagulitsa limodzi. Ndalama yotsala pa ngongole ikachotsedwa, yapamwamba ndi yanga. Zikakanika pamenepo, nkhani ipite kwa amfumu, kenako kubwalo la majisitireti.

Pansi pake asaine onse awiri ndi mboni ziwiri, aliyense ndi deti lake. Amene salemba adinde chala, koma wina amuwerengere mokweza mboni zikumva.

Tsopano tione chifukwa chimene ndime yachitatuyo yalembedwera chonchi, poti m'menemo ndi mmene muli nkhani yonse.

Masiku 7 onena msanga akuthana ndi khalidwe limene limapweteka wobwereketsa kuposa kuchedwa kwenikweniko, lomwe ndi kuzimitsa foni. Munthu amene walephera kubweza amachita manyazi, amasiya kuyankha, pa WhatsApp uthenga n'kumaoneka kuti wawerengedwa koma yankho zii. Amalume akaona zimenezo saganiza za manyazi, amaganiza kuti anyozedwa. Pepala likanena kuti kuchedwa kuli ndi njira yake, mnyamata amatha kulemba mosaopa kuti: "Amalume, mtengo wagwa sabata ino, ndikupempha masiku 14 aja. Pa 29 Epulo mulandira." Amalume nawo sangakwiye, chifukwa masikuwo anawavomera okha.

Chindapusa cha K5 000 n'chaching'ono mwadala. Pa K200 000 ndi K2.50 pa K100 iliyonse. Cholinga chake ndi choti tsiku likhale ndi ulemu, kuti ngongole ya amalume isamakhale yomaliza kuganiziridwa nthawi zonse kaamba koti ilibe mano. Mawu oti "kamodzi kokha" musawasiye. Yerekezani kuti munalemba zachikatapila, zoti ndalama yochedwa izikwera ndi theka mwezi uliwonse. K200 000 ija pakatha mwezi ndi K300 000, mwezi wachiwiri K450 000, wachitatu K675 000. Gawo limodzi lokha laposa ngongole yonse imene munthu anatenga. Pamenepo chibale chatha, ndiponso ndalamayo simudzaiona. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo loona za kubweza ngongole limene limapatsa bwalo mphamvu younikanso pangano ngati chiwongoladzanja chake n'chonyanya ndiponso chopondereza. Kusaina kwa wobwereka sikuyeretsa katapila.

Za chikole pamafunika kusamala kwambiri. Chikole chikhale chinthu cha wobwerekayo, chotchulidwa bwinobwino, chimene kuchigulitsa sikungagwetse banja: mbuzi, njinga yakapalasa, mpope wopopera mbewu. Munda usalowemo. Kuno kwathu amuna ambiri ndi akamwini, amalima pamalo a kuchikazi, ndipo malo amenewo ali ndi eni mbumba ake. Mkamwini akalemba munda ngati chikole kwa amalume ake, walonjeza chinthu chomwe si chake, ndipo nkhani ya K600 000 isanduka mlandu wa mabanja awiri. Chitupa cha unzika kapena khadi ya kubanki nazonso si chikole. Kusunga chitupa cha m'bale wanu sikukubwezerani ndalama, kumangomulepheretsa zinthu zina zimene zikanamuthandiza kuipeza.

Taonaninso mawu oti "tidzagulitsa limodzi". Pepala silikupatsani chilolezo chobwera ndi anyamata kudzamasula mbuzi m'khola kapena kuzula malata. Kulanda katundu mokakamiza ndi ntchito ya masherifu, bwalo likagamula. Mukachita nokha, amene munali wodandaula mutha kupezeka ndinu woyankha mlandu. Chimodzimodzinso kuthamangira kupolisi: kulephera kubweza ngongole pakokha si mlandu woti munthu atsekeredwe. Ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri, yokathera kubwalo. Kukokera m'bale kupolisi n'cholinga chomuopseza kumasiya chilonda chimene ngakhale ndalama itabwezedwa sichipola.

Tipitirize ndi nkhani yathu ija. Pa 15 Epulo mnyamata watumiza K200 000, zayenda. Pa 8 Meyi walemba uthenga kuti mavenda akugula motchipa ndipo sakwanitsa. Masiku 14 owonjezera akuthera pa 29 Meyi, koma iye wapeza K120 000 yokha n'kutumiza. Kuseri kwa pepala alembe: 29 Meyi, zalandiridwa K120 000, zatsala K80 000 pa gawo lachiwiri, kuphatikiza K5 000 ya kuchedwa, zonse K85 000. Masiku 60 kuchokera pa 15 Meyi akukwana pa 14 Julaye. Akamaliza K85 000 isanafike 14 Julaye, mbuzi zake palibe wozikhudza, ndipo gawo la Seputembala likudikira nthawi yake. Apa palibe amene wafunika kukweza mawu. Aliyense atha kutenga foni, kuwerenga masiku pa kalendala, n'kupeza yankho lofanana ndi la mnzake.

Nanga mbewu ikapsa ndi chiwawu, kapena matalala akawononga munda wonse? Izi ku Dedza zimachitika, ndipo pepala labwino liyenera kuzitchula. Ine ndingawonjezere mzere uwu: mbewu ikawonongeka ndi matenda kapena nyengo, mboni zikaona munda, masiku onse asunthidwa kamodzi kufikira kukolola kotsatira, popanda chindapusa, koma ngongole siifa. Mzerewu umateteza onse awiri. Wobwereka sagulitsa chimanga cha ana kuti akwaniritse tsiku, ndipo wobwereketsa samva mawu aja akuti "poti mbewu inakanika ndiye basi". Mboni zione munda nthawi imene wawonongeka, ajambule ndi foni, osati kudzamva mu Ogasiti munda utalimidwa kale zina.

Vuto lina ndi la kwacha yathu. Mu Meyi 2022 mphamvu yake inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anabwereketsa m'bale ndalama ya feteleza mu Okutobala 2023 n'kudzalandira ndalama yomweyo chaka chotsatira, anapeza kuti singagulenso matumba omwe aja. Abale ambiri safuna kutchula chiwongoladzanja, ena kaamba ka chipembedzo, ena kaamba ka manyazi. Njira ilipo: ngati ngongole ndi ya feteleza, lembani feteleza. Mwachitsanzo, matumba atatu a makilogalamu 50 a mtundu wakuti, odzabwezedwa matumba omwewo kapena mtengo wake pa tsiku lobweza m'sitolo yakuti. Koma wobwereka amvetse kuti mtengo ukakwera, mtolowo ndi wake, ndipo avomere akudziwa. Chimene sichiyenera ndi kulemba kwacha kenako n'kudzasintha mawu pa tsiku lobweza kuti "pajatu zinthu zakwera".

Chimodzimodzi ngati mwagwirizana kuti abweze ndi mbatatesi. Mawu oti "thumba" pamsika alibe muyezo umodzi: lilipo thumba wamba, liliponso losokerera pamwamba lija loti anyamata awiri avutike kulikweza. Lembani makilogalamu kapena ndowa, lembaninso ngati ndi mbatatesi yaikulu yosankha kapena yosakaniza ndi ing'onoing'ono, komanso amene alipire thiransipoti yopita nayo ku Lilongwe.

Mboni zisankhidwe ndi nzeru. Imodzi ichokere mbali ya wobwereketsa, ina mbali ya wobwereka, ndipo akhale anthu oti atha kuuza aliyense wa awiriwo chilungamo pamaso. Ngati wobwereka ali pabanja, mkazi kapena mwamuna wake adziwe, ngakhalenso kusainira. Ngongole zambiri zimaphulika tsiku limene mayi wa panyumba wamva koyamba kuti mbuzi zimene amadyetsa zinaikidwa chikole iye osadziwa. Palinso nkhani ya imfa, imene sitikonda kuitchula. Wobwereka akamwalira, ngongole imalipidwa kuchokera pa chuma chimene wasiya, motsata ndondomeko ya chuma cha masiye. Pepala silipatsa munthu ufulu wolanda katundu wa namfedwa, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu kotero ndi mlandu. Akamwalira wobwereketsa, pepala lomwelo limathandiza ana ake kudziwa ndalama imene yatsala, limatetezanso wobwereka kuti asalipitsidwe kawiri zimene anabweza kale.

Kwa inu amene muli kutali, foni ikukwana kuchita zambiri. Pepala lilembedwe kumudzi, wobwereka ndi mboni asaine, alijambule n'kulitumiza pa WhatsApp. Inu muyankhe ndi mawu omveka kuti mwawerenga ndipo mwavomera, kenako ndiye mutumize ndalama. Osayamba ndi kutumiza, chifukwa ndalama ikalowa m'thumba changu cholemba chimatha. Lamulo la 2016 loona za ntchito za pa intaneti ndi mauthenga a pamakina limalola kuti mauthenga otere akhale umboni, komabe mukadzapita kumudzi musaine pepala lenilenilo, ndipo pakhale mapepala awiri ofanana, aliyense lake. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba musafufute. Ajambuleni n'kuwatumizanso kwa mboni, poti foni imabedwa, imagwera m'madzi. Kumbukiraninso kuti mlandu wa pangano uli ndi malire a nthawi: zikadutsa zaka 6 kuchokera pomwe munthu anayenera kubweza, bwalo litha kukana kuumva. Tsiku lolembedwa ndi limene limathandiza kuwerenga zakazo mosakangana.

Ndisabise, pepala lili ndi polekezera. Silingatulutse ndalama pomwe palibe, ndipo ndi abale ochepa amene angafikedi kubwalo la majisitireti ndi mwana wa mchemwali wawo. N'chifukwa chake ndimati musabwereketse ndalama imene ikapanda kubwera ana anu achotsedwa sukulu. Ndipo si thandizo lililonse limene liyenera kukhala ngongole. Ndalama ya matenda, ya maliro kapena ya chakudya cha gogo, ngati mungathe perekani ndipo nenani momveka kuti ndi mphatso, musadzaikumbutse pa chinkhoswe. Koma ndalama ya ulimi kapena ya geni, imene ikupita kukabala ina, ilembedwe.

Ndipo amene ayenera kuyamba kutchula za pepala ndi wobwereka. Akatchula amalume, zimamveka ngati kukayikira. Mukatchula inu wopempha, zimamveka ngati ulemu: "Amalume, ndalamayi tilemberane, masiku ndi awa, ndipo ndikachedwa tidzachite chakuti." Munthu wamkulu akamva mawu otere kwa mwana wa mlongo wake, amatsegula chikwama mtima uli m'malo, ndipo chaka chamawa mukadzaimbanso foni adzayankha.